Chithunzi cha nsalu chisadye bandulo ya wogula

Tiyerekeze kuti mayi wogulitsa zitenje ku Limbe watsegula tsamba pa intaneti, ndipo waikapo zithunzi khumi za nsalu zake monga momwe foni yazijambulira. Kamera ya mamegapikiselo 12 imatulutsa chithunzi cha timadontho, kapena kuti mapikiselo, 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi, cholemera megabaiti 3 mpaka 5. Zithunzi khumi ndiye kuti megabaiti pafupifupi 40. Wogula wa ku Mchinji, netiweki ikumuvuta, amadikirira tsamba loyera mbee mpaka kutopa, n'kutseka bandulo itapita, nsalu osaiona.

Ambiri akamva za vutoli amathamangira kufinya chithunzi mwamphamvu, mapeto ake chimatuluka chachimbuuzi. Poyambira si pamenepo ayi. Yambani ndi kuchepetsa kukula kwake. Pa tsamba, chithunzi cha nsalu chimaoneka m'malo osapitirira mapikiselo 800 m'litali pa kompyuta, ndipo pa foni malowo ndi ochepa kuposa apa. Timadontho tinato wogula amatilipira koma diso lake silitiona. Mukachitsitsa kufika pa 1,200 m'litali ndi 900 m'lifupi, timadontho timachoka pa 12 miliyoni kufika pa 1 miliyoni n'kakusefukira, ndipo chimaonekabe chakuthwa ngakhale pa mafoni a sikirini yabwino.

Mukatero ndiye mufinye. Mtundu wa JPEG, womwe unakhazikitsidwa mu 1992, umagawa chithunzi m'timabokosi ta mapikiselo 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, n'kutaya tinthu tating'onoting'ono timene diso silitisamala. Mwini ndiye amasankha kuchuluka kwa zotayidwazo pa muyezo wolekezera pa 100. Pakati pa 75 ndi 80 ndi pomwe zithunzi zambiri zimapepuka popanda kuonongeka. Kukwera pamwamba pa 90 n'kungolemetsa fayilo pachabe, ndipo kutsika pansi pa 50 timabokosi tija timayamba kuonekera.

Chida chaulere chotchedwa Squoosh, chomwe chimatsegulidwa mu burawuza, chimagwira ntchito zonse ziwiri. Mumaikamo chithunzi, n'kuyatsa `Resize`, kulemba 1200 pa `Width`, kenaka kusuntha `Quality` kufika pa 78. Pakati pa chithunzi pamakhala mzere wokoka: mbali ina chakale, mbali ina chatsopano, ndipo kulemera kwatsopano kumalembedwa pakona. Nthawi zambiri chithunzi cha megabaiti 4 chimatsika kufika pa makilobaiti 200 kapena 300. Tsamba lonse la mayi uja limatsala ndi megabaiti 2 kapena 3. Mukasankha WebP, mtundu womwe Google inatulutsa mu 2010 ndipo mabulawuza a masiku ano amauwerenga, fayilo imapepukanso kuposa apa.

Musakhulupirire nambala yokha, yang'anani ndi maso, ndipo dziwani poyang'ana. Kufinya kukapitirira muyezo, chizindikiro choyamba chimaoneka m'mphepete mwa zilembo ndi m'malire a mitundu iwiri, momwe mumachita timadontho tauve ngati udzudzu wazungulira nyali. Pa thambo kapena pa khoma losalala mumatuluka mizeremizere. Mtundu wofiira ndiwo umafulumira kunyanyuka, kotero chitenje chofiira cha maluwa ang'onoang'ono chingafune 85 pomwe chinzake chakwanira pa 75. Chizindikiro cha shopu ndi ndandanda wa mitengo, zomwe ndi zilembo ndi mitundu yochepa, musaziike mu JPEG konse. Izi zimakhala bwino mu PNG, yomwe sitaya kanthu, koma chithunzi cha kamera mu PNG chimalemera koopsa.

Theka la ntchito limatha musanafinye n'komwe, posankha chithunzi. Nsalu yoyanikidwa pa udzu, kumbuyo kuli masamba a mango, imalemera kuposa nsalu yomweyo yopachikidwa pa khoma loyera, chifukwa udzu ndi masamba ndi tinthu tambirimbiri tofunika kusungidwa. Chojambulidwa m'chipinda cha mdima chimadzaza timchenga, ndipo nato timalemetsa fayilo. Jambulani pakhonde m'mawa, dulani zam'mbali, ndipo pa zithunzi zitatu zofanana ikani chimodzi.

Palinso msampha wa WhatsApp. Chithunzi chotumizidwa mwa masiku onse chimafika chitachepetsedwa ndi kufinyidwa kale, ndiye mukachifinyanso kuonongeka kumasanjikizana. Chikakhala chaching'ono, kuchikulitsa sikubweza timadontho totayika, kumangofalitsa chimbuuzi. Wojambula akhale akutumiza posankha `Document` kuti fayilo ifike yathunthu. Fayilo yathunthuyo isungeni pa yokha osaikhudza, ndipo tsiku lomwe mwafuna kukula kwina, yambiraninso pa iyo, osati pa yofinyidwa ija.