Mita imafuna CT yokhuta msanga, rileyi imafuna yosakhuta

Mita ya magetsi ya kunyumba imalandira karenti yonse imene banja likugwiritsa ntchito. Pa fakitale sizingatheke, chifukwa maampu 400 sangadutse m'kabokosi kakang'ono popanda kukaotcha. Choncho pa waya wamkulu amavekapo mphete yachitsulo yokulungidwa ndi waya woonda, imene pa mapulani amailemba kuti CT. Ntchito yake ndi kuchepetsa karenti mwa muyezo wodziwika. Ikalembedwa 400/5, ndiye kuti maampu 400 akamadutsa m'waya wamkulu, kwa mita kumapita maampu 5, ndipo bilu amaiwerengera pochulukitsa ndi 80. Makasitomala akuluakulu a ESCOM amayezeredwa magetsi mwa njira imeneyi.

Mphete yofanana nayo imadyetsanso rileyi, kachipangizo kamene kamalamula bureka kuti idule magetsi mawaya akagundana. Pooneka ziwirizi n'zofanana, koma zimene tikufuna kwa izo n'zotsutsana, ndipo apa m'pamene ambiri amagula zolakwika.

Tiyambe ndi ya mita. Muyezo wa dziko lonse wa IEC 61869-2 umaika ma CT amenewa m'magulu monga 0.2, 0.5 ndi 1. Gulu la 0.5 limalonjeza kuti silidzaphonya kuposa 0.5 peresenti karenti ikakhala pa mlingo wake wonse. Lonjezoli limafooka karenti ikamatsika: pa 20 peresenti kuphonya kololedwa ndi 0.75, pa 5 peresenti ndi 1.5, ndipo pansi pa apo palibenso lonjezo. Taganizirani fakitale yogaya chimanga yokhala ndi CT ya 400/5. Masana makina akamalira zonse zili bwino. Usiku kumatsala magetsi a chitetezo ndi mafiriji, mwina maampu 12, amene ndi 3 peresenti chabe. Maola onsewo amalowa mu bilu popanda wotsimikiza kuti akuyezedwa molondola. N'chifukwa chake pali magulu okhala ndi S kumapeto. Gulu la 0.5S limasunga 0.5 peresenti mpaka kutsika pa 20 peresenti ya karenti, ndipo limalonjezabe mpaka pa 1 peresenti, komwe pa fakitale yathuyi ndi maampu 4. Pamalo pamene ntchito imakwera ndi kutsika chotere, ine ndingasankhe 0.5S mosazengereza, ndipo pamene pakudutsa ndalama zochuluka zedi, 0.2S.

Koma gulu palokha silikwanira, chifukwa lonjezo lake limadalira katundu amene CT yasenza. Katunduyu ndi zonse zimene karenti yaing'onoyo iyenera kukankha: mawaya, malo olumikizira ndi mita imene. Amamuyeza mu VA, ndipo ma CT amagulitsidwa ndi manambala monga 2.5, 5, 10, 15 ndi 30. Chodabwitsa n'chakuti masiku ano mita yeniyeniyo siilemera. Mita zakale zokhala ndi kambale kozungulira zinkadya zambiri, pamene zamakono zimafuna mwina theka la VA. Katundu wamkulu ndi waya.

Tiwerengere pa fakitale ija. Mita ili pa mtunda wa mamita 20 kuchokera pa CT, kotero karenti imayenda mamita 40, kupita ndi kubwerera. Waya wa kopa wa 2.5 mm² pa mtunda umenewu amakana karenti ndi pafupifupi 0.28 Ω. Katundu timamupeza ndi I² × R, ndiye 5 × 5 × 0.28 zikutipatsa 7 VA. Tikaonjeza theka la mita, tafika 7.5 VA. CT ya 5 VA ingalemedwe, ndipo yolemedwa imatulutsa karenti yochepa, mita n'kumalemba zoperewera. Ya 10 VA ndiyo yoyenera.

Ambiri amaganiza kuti kugula yaikulu n'kudziteteza. Pa mita si choncho. Magulu amenewa amatsimikiziridwa katundu akakhala pakati pa 25 ndi 100 peresenti ya nambala yolembedwa. Mita ija itasunthidwa n'kukhala mamita 2 okha kuchokera pa CT, katundu angatsike kufika pafupifupi 1.2 VA. CT ya 15 VA imafuna katundu wosachepera 3.75 VA kuti lonjezo lake ligwire ntchito. Pamenepa yoyenera ndi ya 2.5 VA. Wogula yaikuluyo walipira zambiri kuti atuluke kunja kwa satifiketi yake yomwe, ndipo tsiku la mkangano wa bilu alibe poimira.

Pali chinanso. Chitsulo cha mkati mwa CT chili ndi malire a maginito amene chinganyamule. Chikafika pamenepo chimakhuta, ndipo karenti yotuluka siikweranso mogwirizana ndi yolowa. Kwa mita kukhuta kumeneku n'kofunika. Chizindikiro cha FS5 chimatanthauza kuti CT idzakhala itakhuta karenti isanapitirire kasanu mlingo wake, motero ngozi ikachitika mita siipsa. Koma FS5 imaonanso katundu: akachepa, chitsulo chimachedwa kukhuta, ndipo mita imalandira karenti yaikulu imene inayenera kutsekerezedwa.

Rileyi imafuna zosiyana kotheratu. Kuphonya ndi 1 peresenti pa tsiku wamba sikuivuta. Nthawi yake ndi kamphindi kamene mawaya agundana karenti n'kukwera kakhumi kapena kuposa. CT ikakhuta pamenepo, rileyi imaona ngozi yaing'ono kuposa yeniyeni, imachedwa kudula, ndipo chingwe kapena thiransifoma imapsa. Nthawi zina imayamba kudula ndi bureka ya kutali, n'kuzimitsira dera lonse. Choncho ma CT oteteza amalembedwa mwina, monga 5P10 kapena 5P20. Chilembo P chimasonyeza kuti ndi yoteteza, 5 ndi peresenti ya kuphonya kololedwa, ndipo nambala yomaliza ikunena kuti ingafike kangati pa mlingo wake isanaphonye kuposa apo.

Tinene kuti pa fakitale ija mawaya akagundana padzadutsa maampu 6,000, kuchulukitsa 400 ka 15. Pongoyang'ana, 5P10 imathera pa maampu 4,000. Koma nambala 10 imeneyo ndi ya CT yosenza katundu wake yense. Tiyerekeze kuti ndi ya 15 VA, waya wake wa mkati amadya 5 VA, ndipo katundu weniweni ndi 7.5 VA uja. Malire enieni ndi 10 × (5 + 15) ÷ (5 + 7.5), zomwe ndi 16, kapena maampu 6,400. Kupepuka kwa katundu kumene kunaononga lonjezo la mita kwapindulitsa rileyi. Komabe 16 ali pafupi kwambiri ndi 15, ndipo karenti ya ngozi imayamba ndi funde lopendekera mbali imodzi limene limakhutitsa chitsulo msanga. Pano ndingatenge 5P20, kapena kukulitsa waya.

Njira ina yopepuzira katundu ndi kusankha CT yotulutsa ampu imodzi m'malo mwa asanu. Waya yemwe uja angadye 0.28 VA yokha, kutsika ka 25. M'masiteshoni akuluakulu, momwe mawaya amayenda mitunda yaitali, amakonda imeneyi, bola mita ndi rileyi zikhale za ampu imodzinso.

Zonsezi zikusonyeza chifukwa chake mita ya bilu ndi rileyi siziyenera kudyera pa chitsulo chimodzi. Pali ma CT okhala ndi zitsulo ziwiri m'thupi limodzi, china cha 0.5S FS5, china cha 5P20, chilichonse ndi mawaya akeake, ndipo mmisiri ayenera kuonetsetsa kuti sanawasinthanitse. Katundu weniweni angamudziwe poyeza mavoti pa milomo ya CT n'kuchulukitsa ndi karenti imene ikudutsa, koma pokumbukira kuti nambala ya VA imanena za karenti yonse ya maampu 5. Poyezapo asamasule waya ngakhale umodzi magetsi akuyenda. CT yotseguka imakweza mavoti okhoza kupha munthu ndi kuononga chitsulo chake, choncho asanachotse mita kapena rileyi, ayambe walumikiza S1 ndi S2.