Chuni, kagundidwe ndi kugwirizana kwa mawu m'kanyimbo ka ana

Nyimbo iliyonse, ngakhale yaifupi bwanji, ili ndi chuni ndi kagundidwe. Ikaimbidwa ndi gulu m'magawo osiyana, pamabweranso chinthu chachitatu, kugwirizana kwa mawu. Khutu limamva zitatuzi pamodzi, n'chifukwa chake anthu ambiri amazisokoneza. Kanyimbo ka ana kongopangira chitsanzo, ka mawu akuti "Pusi wanga wagona", kangathe kuzilekanitsa. Kali ndi maphatikizo 7: pu, si, wa, nga, wa, go, na.

Chuni, chimene ophunzira nyimbo amati melodi, ndi njira imene mawu amayenda pokwera ndi potsika, limodzi pambuyo pa linzake. Makwaya ambiri a m'matchalitchi a ku Malawi amachilemba m'solofa, kalembedwe kamene John Curwen anafalitsa ku Mangalande kuyambira m'ma 1840 ndipo kanabwera kuno ndi amishoni. M'solofa kanyimboka kakuyenda motere: do, mi, so, so, mi, re, do. Mawu akukwera masitepe awiri, akupuma pa so, kenako akutsetsereka kubwerera pa do pamene anayambira. Mwana akhoza kukang'ung'udza atatseka pakamwa, mnzake n'kukazindikira. Mtsikana akayambira pamwamba, bambo ake n'kuyambira pansi, chuni chimakhalabe chomwecho, chifukwa chimene chimachisunga ndi kutalikirana kwa masitepewo, osati poyambira.

Kagundidwe ndi nkhani ya nthawi: liwu lililonse litalike bwanji, ndipo mphamvu igwere pati. Pano pali zinthu ziwiri zimene zimaoneka bwino ana akaima bwalo. Phazi limaponda mofanana ngati wotchi, kasanu ndi katatu. Manja amaomba phatikizo lililonse, kasanu ndi kawiri basi. Pa kuponda kotsiriza manja amakhala chete, popeza "na" watenga mapondedwe awiri. Phazi likusunga muyeso, manja akuonetsa kagundidwe ka nyimboyo. Tsopano kutalikako kuchotsedwe pa "na" kuikidwe pa "go". Solofa sanasinthe ngakhale pang'ono, koma kanyimboko kamamveka kena, ndipo kwa Mchewa kamakhala bwino pakamwa, chifukwa polankhula Chichewa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto ndi limene limakokedwa. Ng'oma ndi m'manja zikhoza kunyamula kagundidwe konseka popanda chuni, koma chuni sichingamveke popanda kagundidwe kalikonse.

Kugwirizana kwa mawu, kapena kuti hamoni, kumayamba pamene mawu osiyana amveka nthawi imodzi. Ana makumi atatu oimba do, mi, so onse pamodzi sanafikebe pamenepa. Angokweza phokoso la chuni chimodzi. Koma gulu lina liimbe besi yakuti do, do, do, do, do, so, do, ndipo kanyimboko kamapeza pokhala. Pa maphatikizo asanu oyamba besi siyenda, chifukwa do, mi ndi so ndi a banja limodzi ndipo amakhalirana bwino. Chifukwa chake chili m'kanjenjemeredwe ka mawu: do akanjenjemera kawiri, so wa pamwamba pake amanjenjemera katatu, choncho amakumana pafupipafupi ndipo khutu limamva kusalala.

Pamene pali nkhani ndi pa "go". Apa chuni chili pa re. Besi ikakakamira pa do, mawu awiriwo amakhulana, khutu n'kumva ngati china chake sichinakhazikike. Besi ikatsikira pa so, re amapeza banja lake, la so, ti ndi re, ndipo banjali limakoka khutu kubwerera kwa do. Kukoka ndi kumasuka kumeneku ndi kumene kumachititsa ngakhale mwana wosadziwa solofa kumva kuti nyimbo yatha. Pa mzere wonsewu besi yachoka pa do kamodzi kokha, koma kusunthako ndi kokoma kuposa zonse.

Kusiyanitsa zitatuzi kumathandiza nyimbo ikasokonekera. Ana akamaliza pa nthawi zosiyana, kapena akamafulumira akamayandikira kumapeto, vuto ndi kagundidwe, ndipo mankhwala ake ndi kusiya kuimba n'kungoponda ndi kuomba m'manja. Akamaliza pamodzi koma ena osafika bwino pa so, vuto ndi chuni. Masitepe a do, mi, so aimbidwe okha pang'onopang'ono. Gulu lililonse likamaimba bwino palokha koma n'kumasochera akaphatikizana, vuto lili pa kugwirizana, ndipo kawirikawiri a besi amakhala atakokedwa ndi chuni n'kuyamba kuchitsatira. Mphunzitsi amawaimika patali pang'ono ndi anzawo, n'kubwereza "wa, go, na" yekha mpaka so wa pansiyo atakhazikika.