Wantchito akadandaula za kapitawo wake

Malamulo a makampani ambiri amati wantchito amene ali ndi dandaulo ayambe wauza bwana amene amamuyang'anira. Nanga ngati wodandaulidwayo ndi bwana yemweyo? Pa ntchito yanga yoyang'anira za antchito, apa m'pamene ndaona nkhani zambiri zikuwonongeka. Dandaulo lotere liyenera kudumpha bwanayo n'kupita kwa mkulu wake kapena ku ofesi yathu. Kulibweza kwa iye kuli ngati kuuza fisi kuti aweruze mlandu wa mbuzi.

Tiyerekeze mnyamata wonyamula katundu m'nyumba yosungiramo katundu. Akuti kapitawo wake amamugwiritsa ovataimu koma amakana kusayina fomu, ndipo atafunsa, anamuika pa shifiti yausiku milungu itatu yotsatizana. Tsiku loyambalo ine sindiweruza. Ndimamvetsera tili awiri, chitseko chotseka, kenako ndimamuthandiza kulemba. Mawu oti "bwana amandida" sindingawafufuze. Ndimafuna tsiku, nthawi, zimene zinanenedwa ndi amene analipo. Ngati kulemba kumamuvuta, ndimalemba ndine, n'kumuwerengera m'Chichewa, iye n'kusayina. Funso lomaliza ndi limene anzanga ambiri amaiwala: "Mukufuna kuti nkhaniyi ithe bwanji?" Nthawi zambiri munthu safuna kuti kapitawo achotsedwe ntchito. Amangofuna ndalama zake ndi kubwerera pa shifiti yamasana.

Sindimulonjeza chinsinsi chonse, chifukwa kapitawoyo ayenera kudziwa chimene akunenedwa. Ndimalonjeza kuti nkhaniyi aidziwa okhawo oyenera.

Ndisanaitane kapitawo, ndimatenga kaye mapepala: buku la pageti limene alonda amalemba nthawi yotulukira, ndandanda ya mashifiti ya miyezi itatu yapitayo, ndi mapepala a malipiro. Ndimatero chifukwa mapepala amasowa msanga mphekesera zikangoyamba. Buku la pageti likasonyeza kuti mnyamatayo anatuluka 7 koloko madzulo masiku asanu pamene amayenera kuweruka 5 koloko, tapeza maola 10. Lamulo la zolembedwa ntchito la 2000 limati ovataimu ya tsiku wamba ilipidwe malipiro a pa ola ndi theka lake, ndipo ya tsiku lopuma kapena la holide ilipidwe kawiri. Ngati amalandira K1,000 pa ola, ngongole ya kampani ndi K15,000. Pamenepa palibe zokangana.

Nkhani ya shifiti ndiyo yovuta, chifukwa kapitawo ali ndi mphamvu zogawa ntchito. Ndimayang'ana mmene zinkakhalira kale. Ngati aliyense ankagwira usiku mlungu umodzi pa mwezi, koma mnyamatayu wagwira itatu kuyambira mlungu umene anafunsa za ndalama, kapitawo ali ndi chofotokoza. Ndimamupatsa dandaulolo polemba, ndi masiku angapo oti akonzekere. Naye ndi wantchito, ndipo mwina ali ndi chifukwa chenicheni, monga anthu awiri amene anali pa tchuthi. Akatero ndimakaona mafomu a tchuthi. Mboni ndimazifunsa mmodzimmodzi, kutali ndi maso a kapitawo, pakuti palibe amene angatsutse poyera munthu amene mawa adzamugawira ntchito. Wodandaula komanso kapitawo, aliyense akhoza kubwera ndi mnzake wa pantchito kapena nthumwi ya bungwe la antchito.

Pa nthawi yonseyi wodandaula atetezedwe. Ngati pakufunika kuwalekanitsa, musathamangire kusamutsa wodandaulayo iye asanavomere, chifukwa anzake onse adzaona kuti kudandaula kumabweretsa chilango, ndipo palibenso adzalankhule. Ndimaonetsetsanso kuti makalata ochenjeza asayambe kumugwera mwadzidzidzi. Lamulo lija la 2000 limati kudandaula si chifukwa chochotsera munthu ntchito, ndipo gawo 60 limalola wantchito kusiya ntchito popanda notisi ngati khalidwe la olemba ntchito lachititsa kuti asathenso kupitiriza. Khoti loona milandu ya pantchito likhoza kutenga kusiya koteroko ngati kuchotsedwa mopanda chilungamo, kampani n'kulipira chipukuta misozi.

Chigamulo apereke mkulu amene nkhaniyi sikumukhudza, ndipo chilembedwe, mfundo iliyonse payokha: ovataimu yatsimikizika ndipo ilipidwa pa malipiro otsatira, shifiti ibwerera mwakale kuyambira Lolemba. Ngati kapitawo walakwa, mlandu wake umayamba padera, ndi mwayi wake wodziteteza. Kalatayo inenenso kumene wodandaula angachite apilo ngati sanakhutire, ndipo zikakanika m'kampani, ofesi ya leba ya pa boma ilipo.

Pakatha mwezi ndimamuitananso mnyamatayo, n'kutsegulanso ndandanda ya mashifiti. Kubwezera kwambiri kumayamba nthawi imeneyi, anthu ataganiza kuti fayilo yatsekedwa.