Nyumba pamalo otsetsereka: werengani kaye mizere

Ndikalandira mapu a puloti kuchokera kwa saveya, ndimayamba ndi mizere ya kontuwa. Mzere uliwonse umalumikiza malo okwera mofanana. Ikathithikana, malowo ndi otsetsereka kwambiri. Ikatalikirana, ndi athyathyathya.

Tinene kuti mizereyo ikusiyana mita imodzi kukwera kwake, ndipo yatalikirana mamita 10. Ndikaiika pakompyuta, mzere uliwonse pamsinkhu wake, chitunda chimaonekeratu.

Nyumba yanu ndi ya mamita 20 mulitali, 8 mulifupi. Mukailozetsa kumtunda, mbali ziwirizo zisiyana mamita 2. Koma mukaigoneka motsata mizere, zisiyana masentimita 80 basi: kumbani 40 kumtunda, kwirirani 40 kumunsi. Maziko akumunsi afike pa dothi lolimba, osati lokwirira, apo ayi khoma lidzang'aluka. Kumtunda kumbani ngalande yopatutsa madzi.