Chithunzi cha chidole chili ngati chiguduli cha belo la fodya

Aliyense amene anakulira ku Mtunthama amadziwa kuti belo la fodya siligulidwa poyang'ana chiguduli. Mlimi akhoza kulidinda bwino pa jeke, kulisoka mwaukhondo ndi kumatapo tikiti ya dzina lake, koma likafika ku okushoni ku Chinkhoma ogula amalimasula, kulowetsa dzanja mkati ndi kusolola masamba apakati. Amatero chifukwa alipo ena amene amayala fodya wabwino pamwamba, wonyowa ndi wowola n'kumubisa pakati. Pa tikiti pamangolembedwa za mwini belo, za fodya amene ali mkati amazidziwa ndi dzanja.

Nkhani imeneyi inandibwerera m'mutu tsiku lomwe mlamu wanga anandionetsa chithunzi pa foni. Ankafuna kugulira mdzukulu wake wa zaka ziwiri kafoni kachidole koyaka magetsi ndi kuimba nyimbo. Wogulitsa anali ku Lilongwe. Anatumiza chithunzi pa WhatsApp, n'kunena kuti ndalama zitumizidwe pa foni ndipo katundu abwera pa minibasi. Umu ndi momwe ambiri tikugulira masiku ano, ndipo palibe cholakwika. Kungoti pa chithunzi timaona kunja kokha, ngati chiguduli chija. Chithunzi chingathe kutiuza motsimikiza kuti tikane chidole, koma pachokha sichingatsimikize kuti mwana akhala bwino nacho.

Chithunzi chija chinali cha kumaso kwa bokosi kokha: mwana wakhanda akumwetulira, mitundu yowala, dzina lofiira pakona. Ndinati, "Alamu, muwauze atembenuze bokosi, ajambule kumbuyo ndi pansi pomwe, ajambulire pafupi kuti zilembo ziwerengeke." Kumaso kwa bokosi anakukonza kuti kukope ogula. Zomwe malamulo amakakamiza wopanga kulemba zimakhala kumbuyo kapena pansi, m'zilembo zazing'ono. Wogulitsa akamazengereza kujambula kumbuyo, amakhala ngati mlimi wokana kuti belo lake limasulidwe.

Zithunzi zina zitabwera tinayamba ndi dzina. Patali linkaoneka ngati Fisher-Price, kampani yodziwika ya zoseweretsa za ana aang'ono, koma titakulitsa chithunzi ndi zala tinaona kuti chilembo chimodzi chinali chosiyana. Okopera amachita zimenezi dala, podziwa kuti maso amazindikira mtundu wa utoto ndi kaonekedwe asanawerenge mawu. Fisher-Price ndi ya kampani ya Mattel, ndipo pa bokosi lenileni dzina la Mattel ndi keyala yake zimapezeka kumbuyo. Pa bokosi la mlamu wanga panalibe dzina la wopanga, panalibe keyala, panalibenso nambala ya gulu la katundu lomwe chidolecho chinapangidwira. Panangolembedwa dziko. Kulembedwa kuti chinapangidwa ku China si vuto, pakuti zidole zambiri za makampani otchuka zimapangidwa komweko. Vuto ndi kusowa kwa mwini. Ku okushoni salandira belo lopanda nambala ya mlimi, chifukwa likapezeka ndi miyala mkati sipakhala womufunsa.

Kenako tinafika pa zilembo ziwiri zomwe wogulitsa ankazidalira kwambiri: CE. Iye anati zikusonyeza kuti chidolecho chinayesedwa ku Ulaya. Apa ndi pomwe ambiri timasokonekera. Chizindikiro cha CE sachidinda a boma atayesa katundu. Amachiika ndi wopanga mwiniwake, polengeza kuti watsatira malamulo a mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya. Pa zoseweretsa za ana, muyezo womwe amatsata umatchedwa EN 71, ndipo umaona ngati chidole chimathyoka kukhala tizidutswa, ngati chimagwira moto msanga, komanso ngati utoto wake uli ndi mankhwala oopsa. Kampani yoona imayesadi katundu wake n'kusunga zikalata, chifukwa ikanama ku Ulaya imalangidwa ndipo katunduyo amachotsedwa m'masitolo. Koma wopanga chidole chodzagulitsidwa pa msika kuno alibe womuopa, ndipo kusindikiza zilembo ziwiri sikumudyera ndalama. Motero CE ili ngati mawu a mlimi akuti "fodya wanga ndi wouma bwino". Timawakhulupirira akanenedwa ndi mlimi amene tikudziwa munda wake, koma akachokera kwa munthu wopanda dzina sitingawadalire.

Kaonekedwe ka chizindikirocho kamathandizako pang'ono. C ndi E enieni amadulidwa kuchokera ku mikombero iwiri yofanana yoyandikana, choncho pakati pawo pamakhala mpata woonekera: mutapitiriza kuzungulira C mpaka akhale mkombero wathunthu, m'mphepete mwake mungakhudze msana wa E. Kamzere kapakati ka E kamakhala kafupikirapo, ndipo chizindikiro chonse sichiyenera kuchepera mamilimita 5. Pa bokosi lija E anali atalowa m'kamwa mwa C. Mwina munamvapo kuti zilembo zothithikana chonchi ndi chizindikiro china cha boma la China. Chimenecho kulibe, zilembozo amangokhala atazijambula molakwika. Chizindikiro chenicheni cha China ndi CCC, ma C atatu mkati mwa mkombero wonga dzira, ndipo chimafunika pa zidole zapulasitiki, zachitsulo ndi zamagetsi zogulitsidwa m'dzikomo. Cha ku Britain ndi UKCA, ndipo katundu wa ku Amereka amatchula muyezo wa ASTM F963. Zilembo zopotoka ndi chifukwa chokwanira chokanira, koma zowongoka sizikutanthauza kuti mkati muli bwino, popeza wokopera waluso amajambula bwino.

Chomwe chinatseka nkhani chinali kachizindikiro kena kumbuyo: mkombero wofiira wodulidwa ndi mzere, mkati muli nkhope yachisoni ya mwana ndi manambala 0-3. Tanthauzo lake n'lakuti chidolecho sichiyenera mwana wosakwana zaka zitatu. Makolo ambiri amaganiza kuti zaka zolembedwa pa bokosi zikunena za nzeru, n'kumati "wathuyu ndi wochenjera, achitha". Koma zakazo zikunena za m'mero. Mwana wa msinkhu umenewu chilichonse amapititsa kukamwa, njira yake ya mpweya ndi yopapatiza, ndipo sangakhosomole mwamphamvu kuti atulutse chomwe chamutsamwa. Oyesa zidole ali ndi kachitini ka pakamwa potambalala mamilimita 31.7, pafupifupi kukula kwa chitsekerero cha botolo la zakumwa. Chidutswa chilichonse cholowa chathunthu m'kachitiniko sichiloledwa pa chidole cha mwana wosakwana zaka zitatu. Tsono bokosi la mlamu wanga linali ndi chithunzi cha khanda kumaso, pomwe kumbuyo likuletsa makanda. Bokosi likamadzitsutsa lokha, ine ndimakhulupirira chenjezo lakumbuyo.

Ndinapemphanso chithunzi chimodzi, cha chidole chenichenicho chitatulutsidwa m'bokosi, pomwe palowera mabatire. Apa ndikufuna ndichedwepo, chifukwa kwa ife okhala kutali ndi zipatala zikuluzikulu ngozi yake imaposa zonse. Zidole zambiri zoyaka ndi zoimba zimagwiritsa ntchito timabatire tophwatalala tonga ndalama yachitsulo. Kotchuka ndi CR2032, kotambalala mamilimita 20. Mwana akakameza, kamatha kukakamira pa m'mero, ndipo mphamvu yake ikakumana ndi malovu pamapangika madzi owotcha omwe amayamba kudya mnofu mkati mwa maola awiri okha. Poyamba mwana amangooneka ngati wadwala chifuwa: kudontha dovu, kukana chakudya, kusanza. Kukachotsa kumafuna madokotala ndi zida za chipatala chachikulu, ndipo kuchokera ku Mtunthama kukafika ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi makilomita oposa 100. N'chifukwa chake chidole chopangidwa bwino chimakhala ndi chitseko cha mabatire chomangidwa ndi sikuluwu. Chimenechi chimaoneka pa chithunzi ndipo n'chovuta kunamizira. Pa kafoni kaja panali kachitseko kongotsegula ndi chikhadabo. Mukangoganizira kuti mwana wameza batire, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, muwauze za batirelo, ndipo musamusanzitse.

Pali china chomwe chithunzi sichingaonetse ngakhale chikhale chowala chotani, ndicho mankhwala a mu utoto ndi mu pulasitiki. Mtovu sununkha ndipo suoneka, koma umawononga ubongo wa mwana amene amanyambita chidole tsiku ndi tsiku. Ngakhale dzina lenileni silinateteze ana nthawi zonse. Mu 2007 Mattel inabweza zidole za Fisher-Price pafupifupi 1 miliyoni ku Amereka chifukwa utoto wake unali ndi mtovu wochuluka. Phindu la dzina loona linaonekera pomwepo: vuto litadziwika panali wofunsidwa, ndipo makolo anauzidwa nambala za zidole zoti abweze. Chidole chopanda mwini sichibwezedwa ndi aliyense. Kuno kwathu ntchito yoyang'anira miyezo ya katundu ndi ya bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, koma sitingayembekeze kuti lafika pa tebulo lililonse la pa msika.

Za zidole za pa kaunjika ndingonena mwachidule. Zambiri ndi zenizeni ndiponso zolimba, koma bokosi lokhala ndi chenjezo la zaka linatsala kutsidya kwa nyanja. Funsani chithunzi cha kansalu kosokeredwa m'mbali kapena zilembo zodindidwa pansi pa chidole, muonetsetse maso a chidole ngati ndi osoka ndi ulusi kapena ndi timikanda tomata.

Kafoni kaja sitinagule. Wogulitsa yemweyo anatumiza zithunzi za mbale zapulasitiki zosanjikiza, zopanda mabatire, zokhala ndi dzina ndi keyala ya wopanga, nambala ya katundu, ndi msinkhu woyambira miyezi 6. Zitatsika pa minibasi mlamu wanga sanamupatse mwana nthawi yomweyo. Anakhala pa khonde n'kuchita zomwe ogula fodya amachita: anazinunkhiza ngati zikumveka fungo la parafini kapena la guluu, anapukuta ndi nsalu yoyera yonyowa kuti aone ngati utoto ukutsalira, anakoka ndi kupotoza paliponse, anayendetsa chala m'mphepete kufuna pakuthwa, kenako anagwetsa imodzi pa simenti kangapo. Kambale kakang'ono kwambiri anakayerekeza ndi chitsekerero cha botolo, ndipo kanali kakakulu kuposa chitsekererocho. Atatero anazitsuka ndi sopo, n'kuitana mdzukulu wake amene ankasewera ndi zitsononkho pafupi ndi chigafa.