Kalata ya kwa ejenti wa ntchito: Chingerezi chomveka poyamba pomwe

Ejenti wolemba anthu ntchito nthawi zambiri si iye bwana amene mudzamugwirire. Ndi mkhalapakati. Kampani imamuuza munthu amene ikumufuna, iye n'kusaka, kusefa, kenaka n'kupereka maina ochepa. Akatsegula imelo yanu safuna kuona ngati munakhoza Chingerezi pa MSCE. Akufuna zinthu zoti azikopere m'kaundula wake ndi kukauza kampaniyo: mukudziwa chiyani, mungayambe liti, mukufuna ndalama zingati, mupezeka tsiku liti. Ngati ziganizo zanu zikumuchititsa kuima n'kumadzifunsa kuti mukutanthauzanji, mwayi woti akufunseninso ndi wochepa, chifukwa pambuyo panu pali makalata ena ambiri amene akudikira.

Chimene chimatipweteka ambirife si galamala ayi. Kuiwala kachilembo kamodzi kumapeto kwa mawu sikubisa tanthauzo. Chimene chimabisa tanthauzo ndi chiganizo chimene mawu ake onse ndi a Chingerezi koma maganizo ake ndi a Chichewa. Ife tikachiwerenga chimamveka bwinobwino, chifukwa m'mutu mwathu tikumva Chichewa chimene chili kuseri kwake. Ejenti wa ku London kapena ku Johannesburg Chichewacho sachimva, amangoona mawu ali pamaso pakewo.

Tiyerekeze mayi wowerengera ndalama pa kampani ina ku Limbe. Wafunsira ntchito yosunga mabuku a ndalama kudzera pa intaneti, ndipo ejenti wa ku London wamulembera mafunso anayi. Kodi angacheze naye pa foni Lachiwiri pa 4 Malichi, 10 koloko m'mawa? Notisi yake ndi yaitali bwanji? Akuyembekeza malipiro otani? Funso lomaliza likuti: "You haven't used Xero before, have you?" Xero ndi pulogalamu ya mabuku a ndalama imene makampani ang'onoang'ono ambiri ku Britain amagwiritsa ntchito, ndipo mayiyu sanaigwirepo, anazolowera Sage. Tsoka ilo, kumudzi kwagwa maliro, ndipo Lachiwirilo adzakhala kusiwa. Yankho lake loyamba likutuluka motere:

```
Dear Sir/Madam,
I hope you have woken up well. I thank you too much for
remembering me. Please forgive me, we have problems at home
so I will fail on Tuesday. I will try the other day.
I must first say goodbye to my bosses. On salary, I will
receive anything with both hands. On Xero, yes.
```

M'Chichewa kalatayi ndi yaulemu ndipo ilibe chilema. Koma ejenti akaiwerenga, pa mafunso anayi aja palibe limodzi lomwe layankhidwa moti alembe pansi.

Tiyambe ndi maliro, chifukwa apa m'pamene pali ngozi yaikulu. Kwathu sitithamangira kutchula imfa. Timati kwagwa zovuta, ndipo aliyense amadziwa kuti munthu watisiya. Koma "we have problems at home" kwa Mngelezi ndi nkhani ina: mwina mkangano wa m'banja, mwina ngongole, mwina chipwirikiti chimene chidzakhala chikusokoneza ntchito mwezi ndi mwezi. Mayiyu wadzipaka matope pa chinthu chimene bwana aliyense akanachimvetsa. Chofunika n'kutchula chinthucho poyera, kamodzi, popanda kufotokoza kuti wamwalira ndani ndipo anadwala chiyani: "There has been a death in my family." Kwa ife zimamveka zouma. Kwa iye ndi chiganizo cholemekezeka, ndipo chimatseka mafunso onse.

Ndiye pali "I will try". Mmalawi akati ndiyesetsa, walonjeza, ndipo adzachita chilichonse kuti afike. Pa Chingerezi cha mu ofesi mawu omwewo amamveka ngati munthu akukonzeratu pothawira. Komanso "the other day" si tsiku lina lakutsogolo monga ankaganizira mayiyu, koma tsiku lina lapitalo posachedwa. Ejenti watsala wopanda tsiku. Wosintha nthawi ndiye ayenera kupereka ina, ndipo ndi bwino kupereka masiku awiri kuti mnzakeyo angosankha.

Nthawiyo ifunika kuilemba mosamala. Malawi ali patsogolo pa Britain ndi maola awiri m'nyengo yawo yozizira, koma kuyambira Lamlungu lomaliza la Malichi mpaka Lamlungu lomaliza la Okutobala iwo amasuntha mawotchi, kusiyana n'kukhala ola limodzi. Choncho 10 koloko ya ku London pa 4 Malichi ndi 12 koloko masana ku Limbe. Ndi South Africa, Zambia kapena Zimbabwe vutoli palibe, nthawi ndi imodzi. Tsiku nalo lilembedwe ndi dzina la mwezi, chifukwa 04/03 kwa Mngelezi ndi 4 Malichi pomwe kwa Mmereka ndi 3 Epulo.

Funso la Xero lija ndi msampha umene umakola ngakhale anthu ophunzira kwambiri. Wina akakufunsani kuti "Simunadye?", inu musanadyedi, mumayankha kuti inde, kuvomereza kuti wanena zoona. Chingerezi sichiyenda choncho. Yankho limatsata chinthucho, osati mmene funso lafunsidwira: ngati simunachite, ndi "No", funsolo likhale lotani. Mayi wathu polemba "yes" wauza ejenti kuti Xero amaidziwa. Tsiku la intavyu akadzapatsidwa kantchito koyesera, adzaoneka wabodza pomwe iye sananame. Njira yopulumukira ndi yosavuta: funso lotere musaliyankhe ndi liwu limodzi. Lembani chiganizo chonse, "I have not used Xero", ndipo musasiyire pomwepo, onjezani chimene mukudziwa.

Kutsanzika mabwana ndi khalidwe labwino, koma ejenti wafunsa nambala. Lamulo la ntchito la dziko lino la chaka cha 2000 limati wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, ndipo makontirakiti ena amaika nthawi yoposa pamenepo, choncho yang'anani yanu musanayankhe. Amene sali pa ntchito achenjere ndi "I am just staying". Ndikungokhala ndi mawu omveka kwa aliyense wa kuno, koma kunja amasiya funso lakuti mukukhala kuti. Chimene ejenti akufuna kumva n'chakuti "I am available immediately."

Pa malipiro ndiye ulemu wathu umatidyetsa mwala. Kulandira ndi manja awiri ndi mwambo wokoma, koma ejenti sangapite kwa kampani kukanena kuti munthu wanga akufuna chilichonse. Ena angaganize kuti simudziwa mtengo wa luso lanu, ena adzangokupatsani zapansi penipeni. Tchulani nambala, ndalama ya dziko liti, pamwezi kapena pachaka, ndiponso ngati ndi msonkho usanachotsedwe, chimene iwo amalemba kuti "gross". Ku Britain malipiro a ntchito za mu ofesi kawirikawiri amatchulidwa a chaka chonse, pomwe ife tinazolowera a pamwezi, ndiye nambala yopanda mchira ingamveke molakwika kwambiri. Ngati mukutchula makwacha lembani MWK, osati K yekha, pakuti Zambia nayo ili ndi kwacha, ndipo kwa Angelezi ambiri chilembo chimenechi chikatsatira nambala chimatanthauza masauzande.

Kuti kalata yachiwiri ituluke bwino, mayiyu asayambe ndi kumasulira. Atenge pepala, alembe mafunso anayi aja, ndipo pafupi ndi lililonse aike yankho lokhalokha, m'Chichewa momwemo ngati akufuna: Lachiwiri ayi, maliro, Lachinayi kapena Lachisanu, mwezi umodzi, ndalama zakuti pamwezi, Xero ayi, Sage zaka zisanu. Mawu okuluwika onse amathothoka pa sitepe imeneyi, chifukwa mulibe malo awo. Kenaka mfundo iliyonse aipatse chiganizo chake, choyamba ndi wochita, kutsatira chochita, motsata ndondomeko ya mafunso a ejenti. Nambala ya malipiro m'munsimu ndi yongoyerekeza.

```
Dear Ms [surname],
Thank you for your email. I cannot attend on Tuesday 4 March
because there has been a death in my family. I am available on
Thursday 6 March or Friday 7 March at 10:00 UK time.
My notice period is one month. My expected salary is
GBP 900 gross per month. I have not used Xero. I have used
Sage for five years and I am willing to learn Xero.
Kind regards,
```

Mulibe liwu limodzi lovuta mmenemu. Mwana wa Fomu 2 angaiwerenge yonse, ndipo ejenti angakopere mizere inayi n'kuitumiza kwa kampani osasintha kanthu. Taonaninso kuti dzina la ejenti lalowa m'malo mwa "Sir/Madam". Munthu amene wasaina dzina lake pansi pa imelo amayembekeza kuti mwaliona, ndipo kwa mayi "Ms" ndiye wosalakwa, chifukwa safunsa ngati ali pabanja kapena ayi.

Alipo amene angadandaule kuti kalata yotere ilibe ulemu, yangolowa m'nyumba popanda odi. Dandaulo limeneli n'lomveka, ndipo ine sindinganene kuti moni ndi wachabe. Koma ulemu wa kalata ya ntchito ya Chingerezi umakhala m'malo ochepa odziwika: dzina lolembedwa molondola, "Thank you" mmodzi pachiyambi, "please" pamene mukupempha, ndi kuyankha tsiku lomwelo kapena lotsatira. Kupepesa katatu ndi kuthokoza kanayi sikuwonjezera kanthu. "Too much" uja ndiye amatembenuza kuthokoza kumene, chifukwa tanthauzo lake ndi mopitirira muyeso, osati kwambiri. Ngati ejenti ndi Mmalawi mnzanu ku Lilongwe, mzere umodzi wa moni sulakwika, ndipo iye zovuta zija adzazimva. Komabe kumbukirani kuti imelo yanu angaitumize kwa bwana wa ku Nairobi kapena ku Oslo, amene mwina nayenso Chingerezi si chiyankhulo chake choyamba.

Vuto lina limabwera kuchokera mbali yotsutsana. Munthu akazindikira kuti mawu okuluwika a Chichewa sadutsa, amathamangira okuluwika a Chingerezi amene anawaloweza kusukulu, kapena mawu ataliatali a m'makalata akale a m'boma onga "I humbly beg to apply". Amenewa ndi oopsa mofanana, chifukwa kusemphanitsa liwu limodzi lokha kumasandutsa mwambi kukhala nthabwala, ndipo ngakhale mutaulemba molondola sumuuza ejenti chilichonse chimene angalembe pansi. M'malo monena kuti ndinu wolimbikira ngati njuchi, nenani kuti mumakonza malipiro a antchito 60 mwezi uliwonse, ngati zilidi choncho.

Musanatumize, werengani chiganizo chilichonse n'kuchibwezera m'Chichewa liwu ndi liwu. Chikabwerera chosalala kwambiri, chomveka ngati mmene mungayankhulire ndi azakhali anu, chikayikireni, chifukwa mwina chinabadwira m'Chichewa n'kungovala malaya a Chingerezi. Pulogalamu yoona masipelo pa kompyuta singakuthandizeni apa, pakuti "we have problems at home" mulibe cholakwika chilichonse chimene ingachidule mzere. Singagwirenso "he" amene mwalemba ponena za mayi, cholakwa chimene chimatipeza chifukwa "iye" wathu sasankha mwamuna kapena mkazi, ngakhalenso "collect" pomwe mumafuna "correct", popeza onsewo ndi mawu enieni. Zimenezi zimafuna diso lanu, kapena la mnzanu amene sanaone imelo ya ejenti ija. Mupatseni yankho lanu lokha, mumufunse kuti mupezeka liti, muyamba liti, ndipo mukufuna zingati. Funso limene angachite nalo chibwibwi likulozerani chiganizo choti mulembenso.