Pateni ya pule ya mamilimita 300 imasemedwa pa 309

Pule ya chigayo ikasweka, mwini wake amatola zidutswazo n'kupita nazo kwa osungunula zitsulo kuti amuumbire ina. Ntchito imayamba ndi kalipentala, amene amasema thabwa lofanana ndi puleyo. Thabwali ndiye pateni. Amalikwirira mumchenga wonyowa pang'ono wosakaniza ndi dongo, n'kutsendera, kenako n'kulizula. Mphako yotsalayo ndiyo chikombole chothiramo chitsulo chosungunuka. Koma pateni ikasemedwa ndendende pa muyeso wa pule yakale, yatsopanoyo imatuluka yoperewera.

Chifukwa choyamba n'chakuti chitsulo chimafupika chikamazizira. Chitsulo cha kasiti chotuwa chija chimauma kutentha kukatsika kufika pa madigiri pafupifupi 1,150, ndipo kuchokera pamenepo mpaka chizizirire chimabwerera ndi mamilimita 10 pa mita iliyonse, kutanthauza gawo limodzi pa magawo 100. Amisiri ozolowera mainchesi amati gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a inchi pa phazi lililonse. Chitsulo cha sitilo chimafupika kuwirikiza kawiri pamenepa, choncho pateni ya kasiti siyenera kugwiritsidwa ntchito pa sitilo.

Chifukwa chachiwiri ndi khungu la chitsulocho. Chikatuluka mumchenga chimakhala chokhakhala, cholimba pamwamba, mwina mchenga utamatirira. Malo onse ofunika kusalala, monga poyenda lamba ndi polowa shafuti, amayenera kupalidwa pa makina. Ndiye pamafunika kusiya mnofu woti mpeni wa makinawo udye. Pa kasiti wosapitirira mamilimita 300, mnofu wa mamilimita 3 pa mbali iliyonse ndi umene ambiri amayambira.

Nayi pule yosavuta, yafulati: ikamalizidwa ikhale mamilimita 300 m'mimba mwake, mamilimita 50 kuchindikala, ndi bowo la mamilimita 80 pakati.

Mmisiri amayamba ndi mnofu wopala. M'mimba mwa pule muli mbali ziwiri, uku ndi uku, ndiye amawonjezera 3 kawiri, 300 n'kukhala 306. Uwu ndi muyeso umene chitsulo chiyenera kukhala nawo chitazizira, chisanapalidwe. Kenako amawonjezera za kufupika pa 306 yonseyo, osati pa 300, popeza mnofu wowonjezerawo nawonso umafupika. Gawo limodzi pa 100 la 306 ndi 3.06, ndipo pateni imakhala 309.06. Kalipentala asema pa 309, chifukwa thabwa ndi mchenga sizingasunge kachidutswa kotsalako.

Pa kuchindikala, mbali ziwirizo sizipatsidwa mofanana. Zinyalala, mchenga wogumuka ndi thovu la mpweya zimayandama n'kukaunjikana kumbali imene ili pamwamba m'chikombole. Choncho pansi angasiye mamilimita 3, pamwamba 5. Zonse pamodzi ndi 58, ndipo akawonjezera za kufupika imafika pa 58.6.

Bowo ndi limene limasokoneza ophunzira ambiri. Kupala kumachepetsa kunja kwa pule koma kumakulitsa bowo, ndiye apa mnofu umachotseredwa: 80 kuchotsa 6 kutsala 74. Za kufupika zokha zimawonjezeredwabe, pakuti pule ikamabwerera bowo nalonso limachepa. Chibuma chamchenga chimene amachiika pakati kuti chisiye bowo chikhale pafupifupi 74.7. Wina akasokoneza n'kuwonjezera 6 m'malo mochotsera, bowo limatuluka la 86, shafuti n'kumagwedera, ndipo chitsulocho chimangobwerera m'ng'anjo.

Nanga akaiwala za kufupika? Pateni ya 306 itulutsa chitsulo cha pafupifupi 303, mnofu n'kutsala milimita imodzi ndi theka pa mbali. Wopala amazindikira msanga. Akafika pa 300, pule imawala mwina ndi mwina, koma pena pamatsala zigamba zakuda za khungu zimene mpeni sunakhudze. Komanso mpeni woyenda m'khungu lamchenga umabuntha mofulumira. Kusiya mnofu wochuluka sikuthandizanso: ndi chitsulo, magetsi ndi nthawi zongothera m'ziphalo.

Amisiri osema mapateni sachita masamu a kufupika pa mbali iliyonse. Ali ndi rula yapadera imene timizere take n'totalikirana pang'ono, moti pamene palembedwa 100 pali mamilimita 101 enieni. Rula ya kasiti ndi ina, ya sitilo ndi inanso, ndipo iliyonse imalembedwa kuti asasokoneze.

Gawo limodzi pa 100 lija ndi poyambira chabe. Chitsulo chokhala ndi chibuma cholimba mkati, kapena cha nthiti zambiri, sichifupika momasuka ngati ndodo yowongoka. N'chifukwa chake pa ntchito ya mapule ambiri amayamba aumba imodzi, n'kuiyeza itazizira, n'kukonza pateni asanathire ena onse.